Amotaizeshoni pa sitetimenti ya ngongole: komwe ndalama za miyezi yoyamba zimapita

Munthu watenga K1,000,000 kubanki. Wabweza chaka chathunthu osaphonya mwezi, ndalama zoposa K549,000 zachoka ku malipiro ake, koma sitetimenti ikuti ngongole yotsala ndi K775,712. Ambiri akaona chonchi amaganiza kuti banki yalakwitsa kapena ikuwabera. Nthawi zambiri sipakhala polakwika paliponse. Umu ndi mmene imayendera ngongole yobwezedwa mwa amotaizeshoni, ndipo zonse zimachokera pa lamulo limodzi: chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse chimawerengedwa pa ndalama yomwe yatsala, osati pa yomwe mwabweza kale.

Amotaizeshoni ndi dongosolo lobweza ngongole pang'onopang'ono ndi ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, yowerengedwa kale kuti pa mwezi womaliza ngongole ithe ndendende. Ndalama ya pamweziyo imaoneka imodzi, koma mkati mwake muli zigawo ziwiri. China ndi chiwongoladzanja, chomwe ndi mtengo wokhala ndi ndalama ya eni kwa mwezi umenewo. China ndi chochotsera pa ngongole yeniyeni. Pa pepala lomwe mabanki amapereka, lolembedwa Amortisation Schedule kapena Repayment Schedule, zigawozi zimakhala m'madanga awiri, la Interest ndi la Principal, ndipo kumapeto kuli danga la Balance losonyeza zotsala. Danga lomalizali ndi lomwe limalamula ena onse.

Tiyeni tiitsatire ngongole ya K1,000,000 ija. Tinene kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pachaka, kutanthauza 3 peresenti pamwezi, ndipo nthawi yobwezera ndi miyezi 36. Nambalazi ndi zachitsanzo, zosankhidwa kuti masamu aoneke bwino. Ndalama ya pamwezi imatuluka K45,804. Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets atha kuipeza yekha polemba izi:

```
=PMT(0.03,36,-1000000)
```

Mwezi woyamba ukatha, banki imayamba yawerenga chiwongoladzanja. Ngongole yonse idakali m'manja mwanu, ndiye 3 peresenti ya K1,000,000 ndi K30,000. Ndalama imeneyi imachotsedwa kaye pa K45,804 ija, n'kutsala K15,804. Yotsalayi ndi yokhayo yomwe imakhudza ngongole yeniyeni, choncho ngongole imatsika kufika pa K984,196. Pa K100 iliyonse yomwe mwapereka mwezi umenewu, pafupifupi K65 yapita ku chiwongoladzanja.

Mwezi wachiwiri 3 peresenti ikuwerengedwa pa K984,196, ndipo ikutuluka K29,526. Chiwongoladzanja chatsika ndi K474 yokha. Koma poti ndalama ya pamwezi sinasinthe, K474 imeneyo yasamukira ku gawo lochotsa ngongole, lomwe tsopano ndi K16,278. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja ndi K29,038, chochotsera ndi K16,766, ndipo patsala K951,152. Mwezi uliwonse gawo lochotsa ngongole limakula ndi 3 peresenti, mofanana ndi chiwongoladzanja cha pamwezi. Poyamba kukulako sikuoneka chifukwa kukuyambira pa kandalama kochepa, koma kumanka kuthamanga.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti banki imasankha dala kutolera phindu lake lonse koyambirira, kenako n'kuyamba kuwerenga zobweza. Sichoncho. Palibe chiwongoladzanja cha mtsogolo chomwe mukulipiriratu. Mwezi woyamba mwalipira K30,000 chifukwa mwezi umenewo munali ndi miliyoni yonse ya banki. Zili ngati lendi ya nyumba yaikulu yomwe mukubweza chipinda chimodzi chimodzi kwa mwini wake: mudakali ndi zipinda zonse lendi ndi yokwera, mukatsala ndi chimodzi lendi ndi yochepa. Chomwe chimapangitsa kuti gawo la ngongole yeniyeni lichepe poyamba ndi kufanana kwa ndalama ya pamwezi. Chiwongoladzanja chikatenga malo ambiri mu K45,804, otsala ndi ochepa basi.

Pa ngongole imeneyi zigawo ziwirizi zimapitirirana pa mwezi wa 14. Mwezi wa 13 chiwongoladzanja chikadali patsogolo, K23,271, pomwe chochotsera ndi K22,532. Mwezi wa 14 chiwongoladzanja ndi K22,595 ndipo chochotsera chafika K23,208. Pofika mwezi wa 18, theka la nthawi yobwezera, ngongole yotsala ndi pafupifupi K630,000, osati K500,000 monga munthu angayembekezere. Mwezi womaliza chiwongoladzanja ndi K1,334 chabe. Chiwongoladzanja chonse cha zaka zitatuzi ndi pafupifupi K648,900, ndipo theka lake, pafupifupi K325,400, limalipidwa chaka choyamba chokha. Chaka chachiwiri chimatenga pafupifupi K229,900, chachitatu K93,700.

Zinthu ziwiri ndi zomwe zimakulitsa vutoli: kukwera kwa chiwongoladzanja ndi kutalika kwa nthawi. Miliyoni yomweyo pa 3 peresenti yomweyo, mukaitambasula kufika miyezi 60, ndalama ya pamwezi imatsika kufika K36,133. Imamveka yopepuka, makamaka kwa munthu wodulidwa ku malipiro amene akufuna kuti patsale kogulira ufa. Koma chiwongoladzanja cha mwezi woyamba ndi K30,000 yomwe ija, chifukwa sichiyang'ana kuti mwagwirizana miyezi ingati. Chotsalira ngongole yeniyeni ndi K6,133 yokha, ndipo pakutha pa zaka zisanu chiwongoladzanja chimafika pafupifupi K1,168,000, kuposa ndalama yomwe munatenga. Mwapepukidwa ndi K9,671 pamwezi, koma mwawonjezera ndalama zoposa K500,000 pa mtengo wa ngongoleyo.

Lamulo lomweli lili ndi mbali yake yokomera wobwereka. Poti chiwongoladzanja chimatsata ndalama yotsala, kwacha iliyonse yomwe mwachotsa msanga imaleka kubala chiwongoladzanja miyezi yonse yakutsogolo. Pa ngongole ya miyezi 36 ija, mukawonjezera K100,000 pamwamba pa malipiro a mwezi woyamba, n'kupitiriza kupereka K45,804, ngongole imatha miyezi isanu isanakwane nthawi yake ndipo mumapulumutsa chiwongoladzanja cha pafupifupi K160,000. K100,000 yomweyo mukaipereka pa mwezi wa 30 imapulumutsa pafupifupi K16,500. Ndalama ndi imodzimodzi, chasiyana ndi nthawi. Musanatero, werengani mgwirizano ngati muli chindapusa cha kubweza nthawi isanakwane, ndipo auzeni a banki mwa kalata kuti ndalamayo ichotsedwe pa ngongole yeniyeni. Mukangoiika mu akaunti osanena kanthu, itha kungokhala pamenepo kudikira kudulidwa kwa miyezi ikubwerayo, ndipo simupindula nayo kanthu. Umboni wake ndi danga la Balance: pa sitetimenti yotsatira liyenera kutsika ndi K100,000 yonse kuwonjezera pa kutsika kwa masiku onse.

Pa chifukwa chomwechi, ngongole yowonjezera pa ina yomwe sinathe imafuna kusamala. Banki imatseka yakaleyo, n'kuphatikiza zotsala ndi ndalama yatsopano, ndipo ndandanda imayambiranso pa mwezi woyamba ndi ngongole yaikulu komanso nthawi yaitali. Munthu amene amawonjezera chaka chilichonse amangokhalira m'miyezi yomwe chiwongoladzanja chimadya gawo lalikulu, safika kumene ngongole imagwa mwachangu.

Sitetimenti yanu mutha kuifufuza ndi foni yokha. Tengani ngongole yotsala ya mwezi wathawu, ichulukitseni ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, muone ngati zikufanana ndi zomwe zili pa Interest. Kusiyana pang'ono kusakudabwitseni, chifukwa mabanki ambiri amawerenga chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku. Pa K1,000,000 ndi 36 peresenti, tsiku limodzi ndi pafupifupi K986 ngati chaka chikugawidwa ndi masiku 365, choncho mwezi wa masiku 30 umapereka K29,589 pomwe wa masiku 31 umapereka K30,575. Kusiyana kukakhala kwakukulu, pali malo angapo oyang'ana. Mwina chiwongoladzanja chasintha, poti ngongole zambiri za m'mabanki a ku Malawi zimatsata mlingo womwe umasuntha malinga ndi msika komanso zigamulo za Reserve Bank of Malawi. Mlingowo ukakwera, banki imakweza ndalama ya pamwezi kapena kutalikitsa nthawi, ndipo ndandanda yomwe munapatsidwa tsiku losaina siikhalanso yolondola, muyenera kupempha yatsopano. Mwinanso ndalama ya inshuwalansi ndi yoyendetsera ngongole zinaphatikizidwa ku ngongole yeniyeni, ndiye nazonso zikubala chiwongoladzanja ngakhale simunazigwire m'manja.

Kuchedwa kapena kupereka moperewera ndiko kumawononga kwambiri miyezi yoyambayi. Tinene kuti mwezi woyamba munthu wakwanitsa K25,000 yokha. Kawirikawiri ndalama ikalowa imalipira kaye zindapusa ndi chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni imabwera pomaliza. K25,000 siikwanira n'komwe K30,000 ya chiwongoladzanja, choncho ngongole yeniyeni sinasunthe, ndipo ngati mgwirizano ukulola kuti K5,000 yoperewerayo iwunjikidwe pamwamba, mwezi wotsatira 3 peresenti iwerengedwa pa K1,005,000. Munthu wapereka ndalama koma ngongole yakula. Chizindikiro chake pa sitetimenti ndi Balance yokwera kuposa ya mwezi wathawu, kapena mzere wolembedwa Arrears.

Si ngongole zonse zomwe zimayenda chonchi, ndipo apa mpofunika kufunsa musanasaine. Obwereketsa ena amawerenga chiwongoladzanja pa ndalama yoyambirira nthawi yonse, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. M'mapepala njira imeneyi imalembedwa Flat Rate, pomwe yomwe tatsatira pamwambayi imalembedwa Reducing Balance. Wina akakuuzani kuti iye amangotenga 22 peresenti pachaka, zimamveka zotsika kwambiri poyerekeza ndi 36. Koma 22 peresenti ya K1,000,000 kwa zaka zitatu ndi K660,000, kuposa K648,900 ija, ndipo ndalama ya pamwezi imakhala K46,111. Kuizindikira n'kosavuta: ngati nambala ya pa Interest ndi imodzimodzi mwezi woyamba, wa 12 ndi wa 30, chiwongoladzanjacho sichikutsata ngongole yotsala. Pa ngongole yotere kubweza msanga kumathandiza pokhapokha mgwirizano utanena kuti chiwongoladzanja cha miyezi yotsala chidzachotsedwa, ndiye pemphani kuti akuwonetseni ndime imeneyo, komanso akulembereni ndalama yomwe mungalipire mutafuna kutseka ngongole pa mwezi wa 12.