Kope la zopinga ndi mphindi 15 za m'mawa pa bizinesi yathu ya zinanazi

Bizinesi yathu ili ku Chitakale, kuno ku Mulanje. Timagula zinanazi kwa alimi a m'munsi mwa phiri, timasenda, kudula, kuumitsa mu uvuni, kenako n'kumata m'mapaketi a magalamu 50 ndi 100. Ambiri amapita kumasitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, ena timagulitsa kwa alendo okwera phiri ku Likhubula. Tilipo anthu 9, kuwerengera ndi ine mwini.

Chaka chachiwiri cha bizinesiyi tinaluza katundu wa sabata yathunthu chifukwa cha kawaya kamodzi. M'makina omatira mapaketi muli waya wopyapyala amene amatentha n'kusungunula pulasitiki, ndipo Lolemba lina wayayo anapsa. Mnyamata womata anauza akapitawo, akapitawo anati amva. Iwo ankayesa kuti ine ndikudziwa kale, ine ndinali kwa alimi. Lachisanu nditabwera kudzanyamula mapaketi 300, ndinapeza zinanazi zouma zili m'mabeseni, zavundikiridwa ndi nsalu. Unali mwezi wa chiperoni, ndiye zinali zitayamwa chinyontho, zafewa, zikumatirira m'zala. Palibe amene anabisa kanthu. Aliyense anali atanena, koma palibe amene nkhaniyo inali yake.

Mwana wanga wamkazi amalemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre. Nditamudandaulira pa foni anandifotokozera zimene amachita kuntchito kwawo. M'kagwiridwe ka ntchito kotchedwa Scrum, gulu limakumana tsiku lililonse, nthawi yomweyo, malo omwewo, osapitirira mphindi 15, ndipo ambiri amakumana choimirira kuti nkhani zisatalike. Kale aliyense ankayankha mafunso atatu: dzulo ndachita chiyani, lero ndichita chiyani, chikundipinga n'chiyani. Anandiuza kuti mu 2020 eni ake a Scrum anachotsa mafunsowo m'malamulo awo kuti gulu lizidzisankhira, ndipo anati, "Amayi, kwa inu lofunika ndi lachitatulo. Koma musangolifunsa pakamwa, muzilemba."

Ndinagula hadikava, n'kulimangirira ndi chingwe pa msomali pafupi ndi khomo la chipinda chosendera. Pamenepo ndiye timaima 7 koloko m'mawa, tisanasambe m'manja ndi kuvala zipewa. Mafunso awiri oyambawo tinawasiya patangotha mwezi, poti tonse timagwira m'nyumba imodzi ndipo zimene mnzako wachita dzulo umaziona ndi maso. Tsopano timayamba ndi kope. Akapitawo amawerenga mizere imene sinatsekedwe, kuyambira wakale kwambiri, kenako amafunsa mmodzimmodzi ngati pali chatsopano chimene chamuimitsa.

Kuphunzira kulemba mzere umodzi bwinobwino kunatitengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Poyamba anthu ankalemba kuti "vuto la makina" kapena "malebulo". Mawu oterewa sauza munthu choti achite. Lero mzere umanena tsiku, chimene chasowa kapena kuwonongeka, ntchito imene yaima ndi munthu amene waima, dzina la wochichotsa, ndi tsiku limene iye walonjeza. Mwachitsanzo: malebulo a mapaketi a magalamu 50 atsala 40, kumata kuima Lachitatu masana, wochotsa ndi mayi wa kuofesi, walonjeza Lachitatu m'mawa. Dzina la wochotsa limakhala limodzi. Tikalemba kuti "ofesi" kapena "tonse", timabwerera kuja kwa mabeseni. Ndipo wochotsayo sakhala yemwe wapingidwa, chifukwa akanatha kudzithandiza yekha sichikanakhala chopinga, ikanangokhala ntchito yake ya tsikulo.

Si chodandaulitsa chilichonse chimene chimalowa m'kope. Chiperoni sitilemba, palibe amene angachichotse. Chimene timalemba ndi chakuti zouma zilibe zigubu zotseka bwino zosungiramo, popeza zigubu munthu atha kukagula. Magetsi akazima sitilembanso, koma tikapeza kuti mafuta a jenereta atha, mzere ulipo ndi dzina lake. Muyeso wake ndi womwewo nthawi zonse: kodi pali munthu amene lero kapena mawa angachitepo kanthu ntchito n'kuyambanso?

Pamsonkhano sitithetsa vuto. Izi zimavuta, chifukwa munthu akangoti uvuni sukufika pa madigiri 60, aliyense amafuna kunena maganizo ake, ndipo anthu 9 amaima theka la ola pa nkhani ya anthu awiri, uku zinanazi zikudikira mpeni. Akapitawo amangoti, "Talemba, awiri inu mutsale," enafe n'kupita ku mzere wotsatira.

Mbali imene ndimaiona kuti inasintha bizinesi yathu ndi ya kukweza nkhani. Kwathu kuno mwana sapitirira akulu ake kukanena kwa abwana, kumeneko n'kuneneza. Mtsikana wa zaka 20 sangandiimbire foni kuti akapitawo, amene ndi a msinkhu wa bambo ake, achedwa kugula magolovesi. Adzadikira, ndipo mukamufunsa adzati, "Zili bwino, Mayi." Sindimamuimba mlandu, analeredwa bwino. Ndiye tinachotsa nkhaniyi m'manja mwa munthu n'kuiika m'manja mwa masiku. M'mawa uliwonse mzere ukapezeka wosatsekedwa, akapitawo amaikapo kandodo pambali. Tindodo tikakwana tiwiri, tsambalo limajambulidwa n'kutumizidwa kwa ine pa WhatsApp isanakwane 8 koloko, kaya wochotsayo akuti watsala pang'ono kumaliza, kaya ndili ku Limbe. Palibe amene waneneza mnzake, tindodo ndi timene tayankhula.

Uthengawo suyenera kungoti "thandizeni". Umanena chimene chaima, chimene tiluze chikapitirira, ndi chimene akufuna kuti ine ndigamule. Ndili pa minibasi sindingathe kufufuza nkhani, koma nditha kuyankha kuti inde kapena ayi. Pali zinthu ziwiri zokha zimene sizidikira tindodo: chilichonse chimene chingavulaze munthu, ndi chipatso chodulidwa kale. Chinanazi chosendedwa sichigonera, chimayamba kusasa, choncho uvuni ukafa thireyi zili zodzaza, foni imalira nthawi yomweyo.

Mzere wa malebulo uja ndi umene unatiphunzitsa kutseka. Unalembedwa Lolemba. Mayi wa kuofesi anaimbira osindikiza athu a ku Limbe, iwo anati atumiza mawa lake. Lachiwiri, kandodo koyamba, malebulo sanafike. Lachitatu, kandodo kachiwiri, ndipo uthenga unandipeza ndili pa Nkando: malebulo atsala 10, kumata kuima masana, mapaketi 250 akufunika Lachisanu, tidikire osindikiza kapena titume munthu? Ndinayankha kuti atume mnyamata wathu pa minibasi, ndipo ndinawaimbira ndekha eni malo osindikizirawo m'malo mwa wapakauntala amene tinkalankhula naye masiku onse. Apa ndi pamene kukweza kumathandiza: sikuti ine ndili ndi nzeru kuposa mayi wa kuofesi, koma ndalama ya thiransipoti ndimavomereza ndine, ndipo nambala ya eni malowo ili m'foni yanga.

Madzulo katoni inafika. Mayi wa kuofesi anakondwa, anadula mzere m'kope n'kulemba kuti zatheka. Lachinayi m'mawa mzerewo sunawerengedwe, poti unali wodulidwa. Cha m'ma 10 koloko ndinapeza mtsikana womata malebulo akusesa panja. Nditamufunsa anatsegula katoni n'kundionetsa: malebulo onse analembedwa magalamu 100, pamene mapaketi odikira anali a 50. Kuwamata kukanakhala kunamiza wogula pa kulemera kwa katundu. Ndinamufunsa chifukwa chimene sananenere pamsonkhano, iye anayang'ana pansi n'kuti, "Mayi, m'kope munali mutadulidwa kale."

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuyambira tsiku limenelo, wochotsa chopinga amangonena kuti mbali yake wamaliza, koma cholembera chodulira mzere chimagwiridwa ndi amene anapingidwa, ndipo amadula ataiyamba kale ntchitoyo. Womata amamata mapaketi angapo, kuwafinya kuti aone ngati mpweya sukutuluka, kenako n'kudula. Wa uvuni amadikira kuti kutentha kufike pamene kumafunika n'kukhazikika. Funso la akapitawo silikhalanso lakuti "zabwera?", amafunsa kuti "mwayamba?" Ngati mzere wadulidwa molakwika, sitilemba watsopano. Timautsegula womwewo, tindodo take n'kupitirira pamene tinalekera, apo ayi chopinga cha masiku asanu chimaoneka ngati cha dzulo.

Podula amalembanso mawu ochepa onena chimene chinachititsa. Pa malebulo paja panalembedwa kuti oda inaperekedwa pakamwa pa foni. Lero oda iliyonse imapita yolembedwa, ndi chithunzi cha lebulo yofunikayo, ndipo wokatenga amatsegula katoni asanatuluke m'sitolo. Loweruka lomaliza la mwezi ndimakhala pansi ndi kope n'kuwerenga timawu timeneti tokha. Umu ndi mmene ndinaonera kuti waya wa makina omatira walembedwa katatu pa miyezi iwiri, ndipo tsopano timasunga mawaya awiri apadera m'dirowa, mmodzi akagwiritsidwa ntchito mzere wokagula waya wina umalembedwa m'mawa wotsatira.

Dzina langa nalo limalowa m'kope. Mitengo yatsopano ikadikira ine, kapena ndalama yogulira zinanazi ikachedwa kutuluka, akapitawo amalemba kuti wochotsa ndi Mayi, ndipo tindodo timaikidwa chimodzimodzi. Tsiku loyamba kulemba dzina langa, dzanja lawo linkazengereza, ndiye ndinawauza pamaso pa onse kuti alembe. Anthu ataona dzina langa lili ndi tindodo tiwiri, mizere yochokera kwa achinyamata inayamba kuchuluka. Pamwamba pa ine palibe wina wokwezerako, choncho lamulo langa ndi lakuti pa kandodo kachiwiri ndimagamula tsiku lomwelo kapena ndimapereka mphamvuyo kwa akapitawo.

Chimene ndimachiopa tsopano ndi tsamba loyera. Sabata ikatha popanda mzere watsopano, pamalo pamene pali mipeni, uvuni, makina ndi chipatso chosachedwa kuwola, ndimadziwa kuti anthu ayambanso kukhala chete. Pamenepo sindifunsa pagulu. Ndimavala chipewa, kukhala pabenchi ya osenda ndi mpeni wanga, ndipo tisanamalize dengu loyamba wina amatchula kuti mpopi wa kotsukira wakhala ukudontha kuyambira Lachiwiri. M'mawa mwake, 7 koloko, mpopiwo umalowa m'kope ndi dzina la woukonza.