Mawu oti "mwaulere" andipweteka

Anzanga ophunzira, mverani zomwe zandigwera. Ndinkafuna pulogalamu yomvetsera mawu ojambulidwa n'kuwasandutsa zolemba, chifukwa pa kafukufuku wanga ndinacheza ndi anthu 6, aliyense mphindi pafupifupi 40. Nditaona zoti kuyesa n'kwaulere kwa masiku 7, ndinalembetsa osaganiza kawiri, nambala ya khadi n'kuikapo.

Kuponya fayilo yoyamba, inalembedwa mpaka mphindi ya 30 basi n'kuima. Ndinayesa kuti ndi netiweki. Ayi ndithu. Pansi pa tsamba la mitengo panali tizilembo ting'onoting'ono tonena kuti woyesa amapatsidwa mphindi 30 zokha pa sabata yonseyo. Ine ndinawerenga masiku, mphindi sindinazione. Ntchito ya mphindi 240 ikanakwana bwanji pamenepo?

Ndinangoisiya, n'kuchotsa apu mufoni, mtima uli phee kuti zatha. Tsiku la 8 meseji ya kubanki inalowa: adula ndalama za chaka chathunthu, poti bokosi la chaka linali losankhidwa kale polembetsa. Kuchotsa apu sikuletsa malipiro, umayenera kulowa mu akaunti n'kudina "Cancel subscription". Ndawalembera kupempha kuti andibwezere, ndikudikirabe yankho.

Dzulo ndapeza pulogalamu ina. Ndisanaike khadi ndatsegula kaye tsamba la mapulani, ndaona malire a mphindi, tsiku lodula ndalama, komanso ngati zolembazo amalola kudawunilodi. Alamu yondikumbutsa kuletsa malipiro ndaitchera pa tsiku la 5.