Buluku langa linang'ambika pa chinkhoswe, atelala a pa Chitakale anandiombola

Ine ndine uja munamuona pa kabaza Loweruka lija, jekete la suti kumtunda, chitenje cha akazi anga kumunsi. Musafunsenso, nkhani yake ndi iyi.

Mphwanga ankachita chinkhoswe, nkhoswe ndili ine. Suti ndinagula pa kaunjika ku Limbuli, ndipo buluku ndinaliyesa mmene timachitira tonse: kuzunguliza chiuno chake pakhosi. Linakwana khosi. Mimba sindinaifunse.

Itafika nthawi yosinthana nkhuku, ndinanjuta mwaulemu pamaso pa akuchikazi. Kwaaa! Ngakhale tambala anakhala chete. Apongozi a mphwanga anayang'ana kuphiri ngati aliona koyamba. Mayi a kunyumba anangondiponyera chitenje, osayankhula.

Atelala ake ndi aja a pakhonde la golosale, a makina opalasa ndi phazi. Magetsi anali atazima, koma iwo sizinawakhudze. Sanandiseke, ndipo pa ichi chokha ndiwalemekeza mpaka kalekale. Anandikulunga tepi m'chiuno: mainchesi 38. Buluku: 34.

"Bambo, mwayenda bwanji kuchokera kunyumba?"

"Osapuma," ndinatero.

Analitembenuza nkundionetsa. Msoko wakumbuyo wa buluku la suti amausiyira nsalu yapadera mkati, ndipo langali inalipo yoti nkuwonjezera mainchesi awiri. Anaumasula, nalemba mzere watsopano ndi choko. Vuto linali pansi, pokumana miyendo: pamenepo sunali ulusi wokha umene unaduka, nsalu yeniyeniyo inanyotsoka. Akuti mukangolumikiza pamalo potero, buluku limathina kuposa kale ndipo limaphulikanso tsiku lomwelo. Ndiye anamasula mpendero wa kumiyendo, poti mwini wake woyamba anali mzungu wamtali, nadulako kansalu kosongoka mbali zonse ziwiri, nkukalowetsa pamenepo. Chigamba cha nsalu yomweyo, mtundu womwewo, anachisoka kawiri. Mainchesi awiri otsalawo anati ndi nkhani ya ine ndi nsima, batani analisunthira kumapeto basi.

Ndisanalipire anandilamula kuti ndinjute katatu pakhonde pomwepo, amayi ogulitsa nanazi akuonerera. "Buluku sitiyesa choimirira, bambo. Khalani pansi, njutani, kwezani mwendo ngati mukukwera njinga."

Ola lisanathe ndinali nditabwerera, ndipo ndalama imene ananditchula sinafike ngakhale mtengo wa tambala uja.

Kuti ndisakhale ngati ndalipidwa, ndinene ndi ichi: malaya amene ndinakasoketsa pambuyo pake anachedwa masiku awiri, akuti kunali maliro ku Luchenza. Komanso ikamayandikira nthawi ya Mulhako ku Chonde, nsalu zimawunjikana mpaka pa mpando wa makasitomala, ndiye pititsani zanu msanga. Koma kolala inakhala bwino, ndipo nsalu yotsala anandibwezera yonse, mpaka kachidutswa kokwana mpango.

Bulukulo ndavinanso nalo maukwati awiri. Chitenje chija mayi a kunyumba amachitchabe "suti ya abambo".