Jenereta yolembedwa 6.5 kVA idalephera katundu wa mawati 5,700: mmene tidawerengera bwino

Ndili ndi kabutchala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo pakhonde timakazinga tchipisi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankatha tsiku lonse osabwera. Nyama siidikira munthu, choncho ndidaphwanya ndalama za mpamba n'kugula jenereta ya petulo. Pathanki pake padalembedwa manambala akuluakulu ofiira: 6.5 kVA.

Masamu anga adali achidule. Fulaya ya tchipisi imadya mawati 3,000, ketulo 2,000, mafiliji atatu osungira nyama mawati 200 iliyonse, mababu onse pamodzi 100. Zonse 5,700. Ndidaona kuti 5,700 ndi yochepa kwa 6,500, mtima n'kukhala pansi.

Tsiku loyamba zidayenda mpaka mtsikana wanga atayatsa ketulo fulaya ili mkati. Kulira kwa injini kudasintha pomwepo, kudatsika n'kuyamba kubuula ngati minibasi yodzaza pachitunda. Mababu adafiira. Filiji imodzi idayamba kung'ung'uza, kenako kuti "thi", kukhala chete, n'kuyambanso kung'ung'uza. Chidandisokoneza n'chakuti buleka ya pajenereta, kaswichi kodula magetsi katundu akachuluka, sidagwe. Ndidaganiza kuti andigulitsa chinthu chakufa, ndipo ndikadabweza m'mawa mwake pakadapanda mlamu wanga amene amagwira ntchito zamagetsi.

Atafika sadayang'ane n'komwe manambala a pathanki. Adagwada, n'kupukuta ndi chala kachitsulo kakang'ono kokhomedwa m'mbali mwa chigawo chopanga magetsi chotchedwa olitaneta, kamene ine ndinali ndisanakaonepo chigulire.

"Alamu, bwerani muwerenge nokha apa," adatero.

Zolembedwazo zidali izi:

```
Max output    6.5 kVA
Rated output  6.0 kVA
Power factor  0.8
230 V   50 Hz   26 A
```

Choyamba adandiuza kuti 6.5 ndiiwale. Imeneyo ndi mphamvu imene jenereta ingapereke kwa kanthawi kochepa chabe, pamene yogwirira ntchito maola ambiri ndi 6.0. Chachiwiri, chimene chidandiwawa, adati 6.0 imeneyo si makilowati, poti kilowati imodzi, imene amailemba kW, ndi mawati 1,000. Mababu, ketulo ndi fulaya ndidaziwerenga m'mawati, koma jenereta idalembedwa mu kVA, ndiye ndinkayerekeza miyeso iwiri yosiyana. Chimalumikiza ziwirizi ndi nambala ya 0.8 ija, imene amisiri amaitchula kuti pawa fakita.

```
kW = kVA x PF
6.0 x 0.8 = 4.8 kW
```

Apa mpamene ndidafunsa chifukwa chake chinthu chimodzi chikhale ndi miyeso iwiri, ndipo yankho lawo ndi limene lidanditsegula mutu. Jenereta ndi makina awiri omangidwa pamodzi. Pali injini, imene imawotcha petulo n'kuzunguza. Mphamvu zake zimayezedwa mu kW. Ndiye pali olitaneta, imene imasandutsa kuzungulirako kukhala magetsi. Iyoyo malire ake ndi maampu amene mawaya ake angapirire osapsa, ndipo maampuwo ukawachulukitsa ndi mavolti upeza kVA. Maampu 26 kuchulukitsa ndi mavolti 230 zikupereka pafupifupi 6,000, ndiye 6.0 kVA ija.

"Taganizirani ng'ombe ndi ngolo," adatero mlamu wanga. "Injini ndi ng'ombe, olitaneta ndi ngolo. Mukakweza mchenga, ng'ombe zigwada ngolo isanadzaze. Mukakweza thonje, ngolo idzaza n'kusefukira ng'ombe zikuyenda osamva kanthu. Dzulo inu mudakweza mchenga."

Zinthu zotenthetsa monga fulaya, ketulo ndi ayironi ndizo mchenga. Ampu iliyonse imene zakoka imasanduka kutentha, ndiye pawa fakita yake ndi 1, ndipo kulemera konse kumagwera injini. Katundu wanga wa dzulo lake ankakoka maampu pafupifupi 25 okha, n'chifukwa chake buleka idangokhala phee, poti iyo imaona maampu basi. Koma injini yokwanitsa 4.8 kW ndidaisenzetsa 5.7. Idayamba kuzungulira pang'onopang'ono, ndipo jenereta yaing'ono ngati iyi imafunika kuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi kuti ipereke 50 Hz, kutanthauza magetsi opita n'kubwerera m'mawaya maulendo 50 pa sekondi. Tidabwereza zomwe zidachitikazo kwa masekondi ochepa mita ili pawaya: idaonetsa 46 Hz, mavolti atagwa pansi pa 200. Mota ya filiji ikapatsidwa magetsi ofooka chonchi imalephera kudzuka, imatentha, ndipo kachitetezo kake kamaidula. Ndiye "thi" ndinkamva uja. Kubwereza zimenezo masiku angapo, kompuresa imapsa.

Thonje ndi zinthu za mota ndi za makoyilo. Mota imakoka maampu ena ongopangira maginito mkati mwake. Maampu amenewo amangopita n'kubwerera, sadya petulo kwenikweni, koma amadutsa m'mawaya a olitaneta n'kumawatenthetsa. Filiji yanga iliyonse idaonetsa maampu 1.5, kutanthauza mavolti-ampu 345, pamene ntchito yeniyeni ndi mawati 200. Pamafiliji kusiyanaku n'kochepa, koma mnyamata wowotcherera zitsulo pafupi nane adapempha kuti azilumikiza makina ake akale olemera aja. Mlamu wanga adawayeza magetsi atabwera: maampu 30 akamawotcherera. Ameneyo ndi 6.9 kVA, kupitirira mphamvu ya olitaneta yanga, ngakhale kuti makilowati ake mwina ndi theka chabe la nambala imeneyo. Injini ikadayenda bwinobwino osadandaula, mawaya akupsa mkati mwakachetechete. Ndidamukaniza mwaulemu, ndipo adamvetsa ataona mita.

Ndinkayesa tathera pa 4.8, koma padali kuchotsera kwina. Manambala a pakachitsulo amayezedwa ngati kuti jenereta ili m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wochuluka. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000. Injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ukakwera mamita 300, ndiye kuno timachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwatsala 4.3 kW. Wa ku Dedza achotse zochulukirapo, wa ku Nsanje pamenepa alibe nkhawa, ngakhale kutentha kwa kumeneko nakonso kumafooketsa makina. Mu Okutobala, jenereta itatsekeredwa m'kanyumba kopanda mphepo poopa akuba, 4.3 imeneyo simuiona.

Kuchoka pa 6.5 ya pathanki kufika pa 4.3: pamenepo ndidakhala pabenchi kaye. Wogulitsa sadaname, chilichonse chidalembedwa. Koma zimandipweteka kuti nambala imene munthu sangaigwiritse ntchito ndi imene amaikulitsa, ndipo yofunikayo amaibisa poti uchite kugwada. Amayi ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono timagula ndi ndalama zakubanki ya m'mudzi, sitingakwanitse kugula kawiri.

Kenako tidatenga kope la ngongole, kumasamba akumbuyo, n'kulemba chinthu chilichonse ndi manambala awiri, mawati ndi maampu. Mawati tidawerenga pa zomata za zipangizo, maampu tidayeza ndi mita yopana pawaya, imene imafunika kupana waya umodzi wokha, osati chingwe chonse, apo ayi imaonetsa ziro. Lamulo lake n'lakuti mawati onse asapitirire 4,300 ndipo maampu onse asapitirire 26. Zikalephera mbali imodzi, zalephera basi.

Fulaya, mafiliji ndi mababu zidakwana mawati 3,700 ndi maampu pafupifupi 18. Zimenezi zidalowa, ndipo malo otsalawo tidawasiya dala kuti filiji ikamadzuka ipeze popumira. Ketulo idachotsedwa pamndandanda. Madzi a tiyi tidabwerera kumbaula.

Chovuta chidali sowo yodulira mafupa. Pamota yake padalembedwa 1.1 kW, koma imeneyo ndi mphamvu yotuluka kumpeni. Yolowa ndi yochulukirapo chifukwa ina imatayika ngati kutentha: pafupifupi mawati 1,500, maampu 7.5. Ikamayenda palibe vuto. Vuto lili poidzutsa, chifukwa mota yotere imakoka maampu kasanu kapena kuposerapo kwa kamphindi isanathamange. Kasanu ka 7.5 ndi maampu opitirira 37, pa jenereta ya 26. Jenereta imatha kupirira kugunda kotero kwa sekondi imodzi ngati ilibe katundu wina, koma fulaya ikakhala kuti yadya kale maampu 13, mavolti amagwa, sowo imangong'ung'uza, mafiliji n'kuzima nawo.

Ndiye tidagwirizana ndondomeko, ndipo ndidailemba papepala n'kumata pafupi ndi swichi yosinthira magetsi. Jenereta ilire yokha mphindi ziwiri kapena zitatu buleka ili yozimitsa. Ngati pali mafupa odula, sowo ndiyo iyambe, mpeni usanakhudze nyama, fulaya ili yozima. Mafiliji alowe imodziimodzi, ndipo filiji imene yangozima kumene idikire mphindi zisanu, chifukwa gasi akadali wothinana mkati ndipo mota siingamukankhe. Fulaya imalowa sowo ikazima. Masiku ano timadula nyama yonse m'mawa tchipisi tisanayambe.

Patapita miyezi, mchemwali wanga wa ku Kasungu adafuna jenereta ya salooni yake, ndipo tidapita limodzi kukasankha. Tidapeza ziwiri zolembedwa 5 kVA. Ina pakachitsulo idali ndi pawa fakita 1.0, kutanthauza 5 kW, inayo 0.8, kutanthauza 4 kW. Zowumitsira tsitsi ndi zowongolera zonse ndi mchenga, ndiye kusiyana kwa kilowati imodziyo kudali chowumitsira chimodzi chathunthu. Padali yachitatu yotchipa imene sidalembe pawa fakita paliponse. Mlamu wanga adandiphunzitsa kuti zikatero uyang'ane mahosipawa a injini: hosipawa imodzi ndi mawati 746, ndipo olitaneta yaing'ono imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Injini yake idali ya mahosipawa 6.5, amene ndi mawati 4,850 pachimake penipeni, ndipo magetsi otuluka sangafike ngakhale 4 kW. Majenereta a injini imeneyi nthawi zambiri amapereka pakati pa 2.5 ndi 3 kW. Pathanki padalembedwa 5 kVA yomweyo. Tidatenga ya 1.0, ndipo tisanalipire tidapempha kuti ailize pompo, tidalumikiza zowumitsira ziwiri zimene tidabwera nazo m'chikwama, mita n'kuima pa mavolti 228.