Moni wanga ndi amene amathawitsa anthu pa vidiyo ya chiponde

Ife timapanga chiponde ku Area 25 ku Lilongwe kuno, ine ndi mng'ono wanga. Mtedza timakatenga ku Mchinji, kwambiri wa mtundu wa CG7 chifukwa ali ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimatuluka chosalala, timasankha pamanja kuchotsa wachuku ndi wofota, kukazinga, kufikisa, kupeta kenako kugaya ndi kamchere pang'ono basi. Poyamba timagulitsa kwa ma neba ndi azimayi a kutchalitchi, koma titagula kamakina kathu kogayira mabotolo anayamba kuchuluka kuposa anthu otidziwa, ndiye tinati tiyeni tijambule vidiyo anthu a ku Area 18, ku Kawale, ku Area 49 atidziwenso.

Vidiyo yoyambayo ndimaikumbukabe bwino. Inali ya masekondi 48. Imayamba ndi logo yathu ikuzungulira pa sikirini ndi kanyimbo, kenako ine nditavala epuloni nditaima pa tebulo ndikunena kuti muli bwanji nonse abale ndi alongo kulikonse komwe muli, ine dzina langa ndine wakuti, lero ndafuna ndikuuzeni za chiponde chathu. Chiponde chenichenicho chimaonekera pa sekondi ya 14. Ine ndinalibe nazo vuto olo pang'ono, ndi mmene tinaleredwera, sungafike pakhomo pa munthu osanena odi nkuyamba kutsatsa malonda.

Tinaiika pa sitetasi ya WhatsApp ndipo mayina a anthu oti aona anadzadza, ine kusangalala. Koma oda inabwera imodzi yokha, ya munthu woti amagula kale. Mng'ono wanga ndi amene anandiuza kuti asisi, mayina amenewo asakunamizeni, WhatsApp imangolemba kuti munthu watsegula sitetasi, sikuuzani kuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji, wina amangodina kudutsa kuti kamzere kobiriwira kachoke. Zinandiwawa koma ndi zoona, inenso ndimatero ndi masitetasi a anthu ena.

Ndiye tinaiika pa peji yathu ya Facebook nkudina `Boost post`, polipirira kuti Facebook iionetse kwa anthu ambiri, ndi kandalama kochepa kwa masiku ochepa, anthu a mu Lilongwe okha. Apa ndi pomwe maso anga anatseguka chifukwa kumeneko kuli manambala awiri omwe ukawayika limodzi amakuuza zoona zake. Imodzi ndi `Impressions`, maulendo omwe vidiyo yaonekera pa foni za anthu. Inayo ndi `3-second video plays`, maulendo omwe yasewera kufika masekondi atatu. Yathu inaonekera maulendo pafupifupi 4,000 koma yomwe inafika masekondi atatu inali cha m'ma 600. Mukagawa 600 ndi 4,000 ndiye kuti pa maulendo 100 aliwonse, 15 okha ndi omwe chala chinaima. Ndipo kumbukirani kuti pa sekondi yachitatu logo inali isanamalize nkomwe kuzungulira, ndiye 85 enawo anadutsa osadziwa ngati tikugulitsa chiponde kapena inshuwalansi.

Ndinakhala pansi nkumaona mmene abambo akunyumba amagwirira foni madzulo akaweruka. Chala chachikulu sichipuma, chimakhala chili kale panjira yokankha m'mwamba vidiyo isanayambe nkomwe. Munthu sakhala kuti akusankha zoti aonere, amakhala akudutsa, ndipo vidiyo yako iyenera kumupatsa chifukwa choimira. Zili ngati uli pa Lilongwe depoti minibasi ikudutsa pang'onopang'ono iwe uli ndi beseni la nthochi, sunganene kuti mwadzuka bwanji bwana, kunyumba kuli bwanji, umangokweza nthochi zakupsa bwinozo pawindo, moni ubwera akaitana. Kuwonjezera apo kuno kwathu munthu amaonera vidiyo akuwerengera bandulo. Kaya ndi ya Airtel kaya ya TNM, sekondi iliyonse ya vidiyo ikudya ndalama yake, ndiye sangadikire masekondi 14 kuti adziwe ngati nkhaniyo ikumukhudza.

China chomwe sindinkachiganizira ndi mawu. Anthu ambiri amaonera foni ili chete, ali mu minibasi, ku ofesi, pa mzere ku banki, kapena mwana wagona pambali. Ndiye moni wanga uja ambiri sanaumve nkomwe, amangoona mayi wina ataima pakamwa pakugwedera. Ena anazimitsa zoti mavidiyo azisewera okha pofuna kusunga bandulo, amenewo amangoona chithunzi chimodzi chokha choima, ndipo chathu chinali logo pa nsalu yakuda.

Vidiyo yachiwiri sitinajambulenso zonse, tinangosintha chiyambi chake mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo pa foni, ndi kudula zina. Ndikufuna ndifotokoze bwinobwino apa chifukwa ndi pomwe panagona nkhani. Tinaika tebulo pafupi ndi windo mmawa cha m'ma 8 koloko, kuwala kukubwera chammbali osati kumbuyo kwa botolo, tinapukuta kagalasi ka kamera ndi nsalu chifukwa m'khitchini ya chiponde chilichonse chimakhala ndi mafuta, foni yoimika osati yogoneka kuti idzadze sikirini yonse. Chithunzi choyambirira chenicheni ndi supuni ili kale m'mwamba chiponde chikuyenderera kugwera m'phala la mgaiwa lotentha, nthunzi ikutuluka. Osati dzanja likupita kukatenga supuni, ayi, zimenezo tinadula, vidiyo imayamba chinthu chili mkati mochitika. Tinajambula kasanu ndi kawiri kuti chiponde chigwe mokoka bwino osaduka msanga. Pamwamba pake tinalemba ndi zilembo zikuluzikulu zoyera kuti Mwana akukana phala? Mawu atatu okha, oti munthu awerenge ndi diso limodzi. Tinawaika chapakati pokwera pang'ono chifukwa mmunsi mwa sikirini mumabwera dzina la peji ndi zolemba zina ndipo kumanja kumakhala mabatani, ukaika mawu kumeneko amaphimbika.

Mawu atatu amenewo tinakangana nawo tsiku lonse. Mng'ono wanga amafuna tilembe kuti chiponde chokoma kwambiri, ine ndinakana chifukwa aliyense wogulitsa amanena kuti chake ndi chokoma, palibe amene angaime chifukwa cha zimenezo. Ndinaganiza za makasitomala athu enieni, ambiri ndi azimayi a ana aang'ono ndipo akamagula amanena okha kuti uyu phala lopanda chiponde salawa. Ndiye ndinangotenga mawu awo omwewo. Mayi woti mmawa womwewo walimbana ndi mwana pa mbale ya phala akaona funso limenelo amadziwa kuti akunena iyeyo.

Nkhope yanga imabwera pa sekondi yachinayi, ndikunena kuti ichi ndi mtedza ndi mchere basi, tilibe shuga tilibe mafuta owonjezera, mawu omwewo atalembedwanso pa sikirini. Kenako mtedza ukukazingidwa, makina akugaya, botolo ndi mtengo wake, nambala ya WhatsApp, logo kumapeto. Yonse masekondi 19. Tinaika ndalama yofanana, masiku ofanana, dera lomwelo kuti tisadzinamize. Inaonekeranso maulendo pafupifupi 4,000 koma ofika masekondi atatu anali cha m'ma 1,600, ndiye 40 pa 100 aliwonse. Sabata imeneyo mauthenga anabwera ochokera kwa anthu oti sitinawaonepo, ndipo angapo amayamba ndi mawu oti amayi, wanganso amakana phala.

Koma ndisakunamizeni kuti ukangoimitsa chala basi wapambana. Titaona kuti zayenda tinatengeka, vidiyo yachitatu tinayamba ndi mawu oti Musagulenso chiponde musanaone izi, ndi botolo likugwa pa tebulo. Nambala ya masekondi atatu inakwera kuposa zonse. Koma mukatsegula ka gilafu ka `Audience retention` komwe kamaonetsa pomwe anthu akuchokera, mzere unagwa ngati phompho cha pa sekondi yachisanu ndi chimodzi, pomwe anthu anazindikira kuti palibe nkhani yoopsa, ndi malonda chabe. Choipa kwambiri mayi wina anandilembera kufunsa ngati chiponde chathu chapezeka ndi vuto, iye anangoona chiyambi chokhacho nkudutsa ali ndi mantha. Pa bizinesi ya chakudya zimenezo si zocheza, usiku womwewo ndinaichotsa. Chiyambi chimalonjeza chinthu, ndipo masekondi otsatirawo akapanda kupereka chomwecho munthu amachoka atakwiya, bola uja anangodutsa osakuona.

Panopa ndikatsegula gilafu ija ndimayang'ana malo omwe mzere wagwera. Ukagwa pachiyambi penipeni vuto ndi chithunzi choyamba kapena mawu ake, sindikhudza zina zonse, ndimangosintha chiyambicho. Ukayamba bwino nkugwa pakati ndiye kuti pali pomwe ndalankhula motalika kapena ndachedwa kuonetsa chomwe ndinalonjeza. Anthu akafika kumapeto koma osalemba uthenga, pamenepo vidiyo ilibe mlandu, mwina ndi mtengo, mwina nambala sikuoneka bwino, mwina ndi pakati pa mwezi anthu alibe ndalama. Ndipo manambala a tsiku limodzi kapena a maulendo 200 sindiwakhulupirira, amasinthasintha kwambiri, ndimadikira afike masauzande.

Ndisanaike vidiyo iliyonse ndimaitumiza kaye pa foni ya mng'ono wanga kudzera pa WhatsApp, chifukwa imafika itachepetsedwa mphamvu ngati mmene anthu ambiri adzaionere netiweki ikamavuta, tizilembo tating'ono timasanduka phala. Kenako ndimapatsa mayi wa nyumba yoyandikana nafe, voliyumu ili pansi, ndimawerenga kamodzi kawiri katatu nkulanda foni, ndikufunsa kuti mwaona chani amayi, akugulitsa chani. Akakayika ndimabwerera ku CapCut. Mwezi watha anandiyankha kuti ndaona ngati ndi dothi la mu mpanda, chifukwa tinajambula madzulo ndi getsi la m'khitchini chiponde chinaoneka chotuwa, tinabwerezanso mmawa pawindo.

Mayi anga ataona vidiyo ya phala ija anandiimbira kuchokera kumudzi nkunena kuti mwanawe, ukuyamba bwanji kulankhula ndi anthu osawapatsa moni. Ndinawauza kuti amama moni ulipo, ndimaupereka munthu akandilembera, pamenepo ndimafunsa za kunyumba ndi za mwana yemwe amakana phala uja mpaka nthawi zina timaiwala za oda. Sanakhutire kwenikweni, anangoti chabwino koma uzivala chitenje chabwino ukamajambula. Sabata ino tikujambula ya ndiwo zotendera, nkhwani uli kale pamoto supuni ya chiponde ikulowa, ndipo mawu a pamwamba tikukanganabe, ine ndikufuna Nsinjiro zatha?