Mmene ndimakonzera imelo yaitali kuti iwerengeke pa foni

Ndikamaliza kulemba imelo pa kompyuta, ndimayamba ndaikonza ndisanatumize, chifukwa ndime ya mizere itatu pa laputopu imatha kufika mizere khumi pa foni. Mzere wa pa foni umangokwana zilembo 40 kapena kuchepera apo, ndiye ndi kutalika kwa mawu a Chichewaku, mawu anayi kapena asanu okha mzere wadzaza.

Tinene kuti ndikulembera a komiti ya sukulu za msonkhano umene wasunthidwa komanso za ndalama zokonzera denga. Pa mutu ndimalemba "Msonkhano: Lachisanu, 2 koloko". Mutu ukatalika foni imaudula kumapeto, choncho tsiku ndi nthawi zisakhale kumchira.

Pamene ndimachedwapo ndi pa mzere woyamba. Munthu asanatsegule imelo, Gmail imamuonetsa mutu ndi mawu ochepa oyambirira basi. Ndikayamba ndi "Ndikukhulupirira kuti nonse muli bwino pamodzi ndi mabanja anu", ndi zokhazo zimene aone, ndipo aganiza kuti palibe chachangu, awerenga mawa. M'malo mwake ndimalemba kuti: "Moni nonse. Msonkhano wa Lachitatu wapita Lachisanu. Chonde yankhani pofika mawa ngati mubwere." Moni alipo, nkhani ilipo, chimene ndikupempha chiliponso. Kufunsa za moyo ndi za kunyumba sindisiya ayi, akuluakulu angadandaule, koma ndimakuika kumunsi.

Kenako ndimadula ndime. Iliyonse ikhale ndi nkhani imodzi, ziganizo ziwiri kapena zitatu: chifukwa chosunthira msonkhano payokha, za denga payokha. Pakati pa ndime ndimadina Enter kawiri kuti pakhale mpata. Koma mkati mwa ndime Enter sindimukhudza. Ena amadina pothera mzere uliwonse monga ukuonekera pa kompyuta, kenako foni imapindanso mizereyo mwa iyo yokha, zotsatira zake mzere wautali, wina wa liwu limodzi, wina wautali, mpaka pansi. Mukaona imelo yotere, dziwani kuti vuto ndi limeneli.

Mitengo ya malata, misomali ndi matabwa sindiikopera kuchokera mu Excel ngati tebulo, chifukwa imatuluka kunja kwa sikirini kapena zilembo zimachepa osawerengeka. Chinthu chilichonse ndimachilemba pa mzere wake, mtengo pambali, tebulo lonse ndimalitumiza padera ngati PDF. Zochokera mu Word ndimaziika ndi Ctrl+Shift+V kuti zibwere zopanda mitundu ndi kukula kwa zilembo za kumeneko.

Pomaliza ndimadzitumizira ndekha n'kutsegula pa foni. Ndime ikadzaza sikirini yonse popanda mpata, ndimaidula pawiri. Ngati pempho langa silikuoneka mpaka nditatsitsa ndi chala, ndimalikweza pamwamba.