Kusiyana kwa he comido ndi comí kwandimvekera tsopano

Kwa miyezi isanu ndakhala ndikulemba Chisipanishi mwamantha nthawi iliyonse ndikafuna kunena za chinthu chimene chachitika kale, chifukwa sindinkadziwa ngati ndilembe he comido kapena comí, mawu ofanana ndi ndadya ndi ndinadya, ndipo mabuku awiri amene ndili nawo ankaoneka ngati akutsutsana. Mtima wakhala pansi sabata ino nditazindikira kuti palibe buku limene linkanama. Lina linkaphunzitsa malankhulidwe a ku Madrid, linalo a ku Mexico, koma onse awiri sanavutike n'komwe kutchula zimenezi.

Za kasinthidwe ka mneni haber, amene amatipatsa he wa mu he comido, sindizibwereza, poti anzanga nonse munaziloweza kale. Chimene chinanditsegula mutu n'chakuti anthu a madera awiriwa amadzifunsa mafunso osiyana asanasankhe mawu.

Munthu wa ku Madrid amayang'ana nthawi imene watchula, ngati idakalipo kapena inatha. Akati hoy, esta mañana, esta semana kapena este año, iye adakali mkati mwa nthawiyo, choncho amati hoy me he levantado tarde, koma akangotchula ayer amasintha n'kunena kuti ayer me levanté tarde. Apa Chichewa chinandithandiza kwambiri, chifukwa nafenso timati ndadzuka mochedwa lero, koma ndinadzuka mochedwa dzulo. Kufananaku kuli ndi malire ake, ndipo ndinapsa nako tsiku lina nditafuna kunena kuti ndatopa, n'kulemba he cansado, pamene eni ake amati estoy cansado.

Munthu wa ku Mexico sayang'ana kalendala ayi. Iye amayang'ana nkhaniyo, ngati yatsekedwa kapena ingathe kupitirira kapena kuchitikanso. Kudzuka kunachitika kamodzi n'kutha, ndiye amati hoy me levanté tarde ngakhale padutsa ola limodzi lokha. Chitsanzo chimene ndakhala ndikuchitembenuza m'mutu ndi cha munthu amene akudikira mchimwene wake pa depoti. Akati mi hermano no ha llegado, ndiye kuti adakali pomwepo, maso ali kumsewu, ndipo mchimwene wakeyo angathe kutulukira nthawi iliyonse. Akati mi hermano no llegó, ndiye kuti basi yomaliza yadutsa, wataya mtima ndipo akubwerera kunyumba. N'chimodzimodzi ndi mvula: este año ha llovido mucho akutanthauza kuti dzinja lidakalipo, pamene este año llovió mucho akutanthauza kuti mvula inasiya. Mawu akuti este año ali m'ziganizo zonse ziwiri, ndipo si iwo amene akulamula.

Madera ena ndingowadutsa. Ku Buenos Aires amakonda comí pafupifupi paliponse, moti amati todavía no llegó ndiponso ¿alguna vez fuiste a Chile?, pamene wa ku Madrid ndi wa ku Mexico akanagwiritsa ntchito haber. Kumapiri a ku Bolivia ndi ku Peru zinthu zinapendekera mbali inayo, ndipo mumamva ayer he visto a tu mamá. Ngakhale m'dziko la Spain momwemo sagwirizana, chifukwa ku Galicia, ku Asturias ndi ku zilumba za Canary hoy comí ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Buku lalikulu la malamulo a chiyankhulochi limene bungwe la Real Academia Española linatulutsa mu 2009 limodzi ndi mabungwe anzake a m'mayiko ena limavomereza kuti palibe nthawi ya mneni imene imasiyana ndi madera kuposa ya he comido.

Njira imene inandifikitsa apa ndi ya wailesi. Ndimatsegula nkhani za m'mawa za ku Spain kwa mphindi 10, kenako za ku Mexico kwa mphindi 10, pensulo ili m'manja, ndipo ndikamva ha dicho ndimalemba kamzere kumanzere kwa tsamba, ndikamva dijo kumanja. Pakutha pa masiku atatu tsambalo linali litandiuza zonse, ndipo ine ndikuona kuti aliyense wophunzira chiyankhulochi akanangoyambira pamenepa n'kuika mabuku pambali.

Chimene chikundiwawabe ndi cholembera chofiira cha aphunzitsi athu, amene anandichongera hoy hablé con mi madre kuti n'cholakwika, osalemba ngakhale liwu limodzi m'mphepete kuti anthu mamiliyoni ambiri amalankhula choncho. Phunziro lathu ndi la ola limodzi pa sabata, ndiye mwina nthawi inawachepera, koma chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsa ku miyezi isanu ya chisokonezo.

Pa mayeso ndilemba monga a ku Madrid, poti ndi zimene aphunzitsiwo amachonga. Pakamwa panga pokha mpamene sindinasankhebe, chifukwa khutu langa la Chichewa limakokera ku hoy he comido, pamene anthu amene ndimacheza nawo kwambiri m'Chisipanishi ndi a ku Mexico, ndipo dzulo lomweli ndinadzimva ndikusakaniza zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi.